Chitsime cha mamita 9 chikuphwa chilimwe pomwe mjigo wapafupi uli ndi madzi: tikumbenso kapena tichisiye?

Nachisale:
Moni nonse apagulu. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za zitsime. Chitsime chathu ndi chokumba pamanja, chakuya mamita 9, m'mimba mwake mita imodzi, chomangidwa ndi njerwa mpaka pansi. Chinakumbidwa mvula itangosiya kumene, ndipo nthawi imeneyo madzi ankayambira pa mamita 5.5 kuchokera pakamwa pa chitsime. Pano chilimwe chafika pachimake, m'mawa madzi akupezeka pa mamita 8.6, ndiye kuti atsala masentimita 40 okha. Tikatunga ndowa khumi za malita 20, chotsala ndi matope. Chondidabwitsa n'chakuti pa mtunda wa mamita 200 pali mjigo wakuya mamita 45 umene sukusintha n'komwe. Kodi mjigowo ndi umene ukukoka madzi athu? Tikumbe kuonjezera kapena tikungotaya mphamvu?

Kamwendo:
Mayi, okumbawo anaphonya mtsempha. Madzi pansi pano amayenda m'mitsempha ngati magazi m'thupi, mukakumba pambali pa mtsempha mumangopeza otayikira a m'dzinja. Komanso cholakwa chachikulu n'chakuti anakumba mvula itangotha. Chitsime chimamalizidwa kumapeto kwa chilimwe, madzi ali pansi penipeni. Wokumba akafika pa madzi a m'dzinja amalephera kupitirira chifukwa madzi amamuchulukira, ndiye amati chatha, pomwe wangokhudza pamwamba.

Nangozo:
Musanafike pa zokumba, pampu yanu ndi yamtundu wanji? Ngati ndi yoyamwa madzi ili pamwamba, monga yopalasa ndi miyendo kapena kainjini kakang'ono, imeneyo siikoka madzi opitirira mamita 7 kapena 8 kuya kwake, ngakhale ikhale yatsopano. Chimene chimakankhira madzi m'paipi ndi kulemera kwa mpweya, ndipo mpweyawo sungakweze madzi kupitirira mamita 10 ngakhale zonse zitakhala bwino kotheratu. Anthu ambiri amati chitsime chauma pomwe madzi angotsika kupitirira pamene pampu imafika.

Nachisale:
Palibe pampu, anzanga, timatunga ndi chingwe ndi ndowa. Matopewo timawaona ndi maso.

Nangozo:
Pepani, ndinathamangira. Koma ena amene akuwerenga aone kaye zimenezo.

Mbewe:
A Kamwendo anena zoona pa nthawi yokumbira, ndipo ndikukhulupirira kuti vuto lagona pamenepo. Za mtsempha ndisiyana nawo pang'ono. M'thanthwe lolimba, inde, madzi amatsata ming'alu, ndipo mjigo ukhoza kuphonya mng'alu ndi mamita ochepa chabe. Koma chitsime chokumba pamanja nthawi zambiri chimathera m'mchenga, m'dothi kapena m'mwala wofumbutuka umene pikisi imaulowa. M'menemo madzi sayenda mumsewu umodzi ayi. Amadzaza timipata tonse ta pakati pa timibulu ta dothi, ponseponse, monga mmene amakhalira mumchenga wa m'mbali mwa mtsinje. Mukafukula pena paliponse mumchengamo madzi amatuluka pa msinkhu wofanana.

Ndiye ganizirani nthaka ngati ili ndi zigawo ziwiri. Pamwamba pali dothi lachinyontho, timipata take muli madzi pang'ono ndi mpweya. Pansi pake pali gawo limene timipata tonse tadzaza madzi. Malire a zigawo ziwirizi ndiwo timati mlingo wa madzi apansi. Chitsime chanu sichipanga madzi ndipo sichisunga ambiri, changokhala zenera loonera mlingo umenewu. Madzi mukuwaona pa 8.6 chifukwa mlingo wa dera lonselo watsikira pamenepo. Mvula italeka, palibe chimene chimathiramo madzi ena, koma kutuluka sikusiya. Amayenda pang'onopang'ono kupita kumunsi, n'kukatulukira m'akasupe, m'madambo ndi m'mitsinje. Mtsinje umene ukuyenda chilimwe popanda mvula, madzi akewo ndi omwewa. Mitengo ya mizu yakuya nayo imamwa, anthu nawo amatunga.

Nachisale:
Zikomo bambo Mbewe. Koma kutsika mamita atatu athunthu? Si madzi ambiri amenewo kuti angopita m'miyezi yochepa?

Mbewe:
Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka, mayi. Mamita atatu amene mukuona m'chitsime ndi madzi okhaokha, koma kunja kwa njerwa mamita atatuwo ndi dothi, madzi ali m'timipata basi. Ndipo si onse a m'timipatamo amene amatuluka, ena amakakamira ku dothi.

Mukhoza kudzionera nokha. Tengani ndowa ya malita 20, mudzaze mchenga wokhakhala, muthire madzi mpaka aonekere pamwamba. Kenako boolani kunsi, mutchere beseni, mudikire. Mupeza malita pafupifupi anayi kapena asanu. Chitaninso chimodzimodzi ndi dothi losakanikirana ndi dongo, lita imodzi kuti ikwane n'zovuta. Dongo lenileni limamwa madzi ambiri kuposa mchenga, theka la dongo lonyowa likhoza kukhala madzi, koma limaumira nawo, silipereka.

Tiyerekeze kuti dothi la pa chitsime chanu limapereka magawo atatu pa 100 alionse, zimene sizachilendo m'mwala wofumbutuka wokhala ndi dongo. Kuti mlingo utsike mamita 3.1, madzi amene achoka ndi mamilimita 93 okha, osafika ngakhale masentimita khumi mukanawayala pabwalo. Madzi omwewo atachoka mumchenga wopereka magawo 20 pa 100, mlingo ukanangotsika theka la mita. N'chifukwa chake zitsime ziwiri zolandira mvula yofanana, china chimatsika mamita atatu, china sichioneka n'komwe kuti chasintha. Malo nawo ali ndi mbali yake. Kumtunda mlingo umakwera ndi kutsika kwambiri chifukwa madzi amangochokako, pomwe kuchigwa umasintha pang'ono popeza akumtunda aja amadzera komweko.

Tadala:
Ndionjezereko pang'ono, akuluakulu. Gawo la nthaka losunga ndi kupereka madzi m'mabuku amalitcha akwifa, ndipo limene a Mbewe akufotokozali ndi losavindikira. Pa chitsime chotere, madzi olowa amawerengedwa motere:

```
Q = π K (H² − h²) / ln(R / r)
```

H ndi kuchindikala kwa gawo lodzaza madzi kutali ndi chitsime, h ndi madzi otsala m'chitsime mukamatunga, K ndi kufewa kwa dothi podutsitsa madzi, r ndi theka la m'mimba mwa chitsime, ndipo R ndi mtunda umene kutungako kumafika potsitsa mlingo. Chofunika kuona ndi kakuti 2 kali pamwambako. Ngati H ndi mamita 4 ndipo mwatunga mpaka kutsala mita imodzi, mupeza 16 kuchotsa 1, ndiye 15. H ikatsika kufika mamita awiri, mupeza 4 kuchotsa 1, ndiye 3. Mlingo watsika ndi theka lokha koma madzi olowa achepa kasanu. Zonsezi zimachokera pa lamulo la Henry Darcy, amene anayesa kayendedwe ka madzi mumchenga ku Dijon, ku France, n'kulemba zotsatira zake mu 1856.

Mbewe:
Mfundo yako ndi yabwino, Tadala, ndipo ikufotokoza chifukwa chake anthu amati chitsime chinali bwinobwino kenako chaphwa mwadzidzidzi. Sichinaphwe mwadzidzidzi, chinali kutsika tsiku ndi tsiku, kungoti kuchepa kwake kumaonekera kumapeto. Koma masamu akowo usawaike pa chitsime cha a Nachisale monga alili. Amagwira ntchito ngati chitsime chafika pa thanthwe kapena dongo lotchinga pansi, ndipo madzi akulowera m'makoma onse. Ichi n'chomangidwa ndi njerwa, mwina madzi ambiri akulowera pansi pokha. Bola kuyeza chitsime chenichenicho.

Mayi, chitani izi. Mangani kabotolo kapena kachitsulo kokhala ndi mphako kunsi kwa chingwe chosatamuka, kamalira kakakhudza madzi. Sankhani malo amodzi pakamwa pa chitsime, mulembepo chizindikiro, ndipo muziyezera pomwepo nthawi zonse. Poyamba chisiyeni chitsime tsiku lathunthu osatunga, muyeze. Kenako kapani madzi msangamsanga mpaka atsale ochepa, mulembe nthawi, muziyeza pakatha ola lililonse. Chitsime cha mita imodzi m'mimba chimasunga malita 785 pa mita iliyonse, choncho sentimita imodzi ndi malita pafupifupi asanu ndi atatu. Muonenso kuya kwake lero ndi chingwe chomangirira mwala. Mwina sikulinso 9, matope anadya gawo lina.

Jere:
Musanawauze kuti akumbe, achenjezeni za ichi. Pali zitsime zimene munthu amapeza madzi pa mamita atatu kapena anayi pamwamba pa dongo lolimba. Chilimwe madzi amachepa, eni ake n'kuganiza zoonjezera kuya. Akaboola dongo lija amapeza dothi louma pansi pake, ndipo ngakhale tochepa tomwe tinalipo timathawira momwemo. Ndikudziwa chitsime cha mamita 4 chimene anachifikitsa pa 6 n'kusanduka dzenje louma mpaka lero. Nanga pamenepo mlingo wa madzi uja uli kuti?

Mbewe:
A Jere mwatchula chinthu chofunika kwambiri. Amenewo ndi madzi olenjekeka. Mvula polowa pansi imakumana ndi kachigawo ka dongo kooneka ngati mbale, madzi n'kutsamira pamwamba pake, pomwe mlingo weniweni uli pansi kwambiri, mwina mamita khumi kapena kuposa. Pakati pa awiriwa pali dothi losadzaza madzi. Mbaleyo ndi yaing'ono, ndiye imatha msanga, ndipo mukaiboola mwatsegula chibowo pansi pa mtsuko.

Kuzindikira kwake kulipo. Choyamba, yerekezani ndi zitsime zakuya kapena mijigo yapafupi. Ngati chanu chili ndi madzi pa mamita atatu koma cha mnzanu pamalo ofanana madzi ali pa 12, kayikirani. Chachiwiri, madzi olenjekeka amakwera msanga mvula ikangogwa ndipo amachita mbuu, pomwe mlingo weniweni umachedwa. Nthawi zambiri umapitirizabe kutsika masabata oyamba a dzinja, chifukwa mvula yoyamba imathera kunyowetsa dothi lapamwamba isanafike pansi. Chachitatu, boolani kabowo kakang'ono pansi pa chitsime ndi chobowolera chapamanja. Dothi lotuluka pansi pa dongo likakhala louma kapena longonyowa pang'ono, tsekani kabowoko ndi dongo lotsendera bwino, musapitirire.

Kamwendo:
Pa kabowoko ndikuvomereza. Ngati chobowolera palibe, paipi yachitsulo yosongoledwa imatulutsa dothi lokwanira kuona. Koma a Mbewe, za mtsempha sindinagonje. Pokumba timaona madzi akutumphuka mbali imodzi ya khoma, mbali inayo kuli gwa. Ameneyo si mtsempha?

Mbewe:
Zimene mumaonazo n'zoona, achimwene. Dothi silifanana ponse. Pamakhala kamzere ka mchenga kapena ka miyala yoyera yoswekasweka kamene kamadutsitsa madzi msanga kuposa dothi lozungulira, ndipo madzi amathamangira mmenemo. Mukafuna kukatcha mtsempha sindikukanizani. Chimene ndikukana n'chakuti kusuntha chitsime mamita asanu kukapeza mtsemphawo kungathetse vuto la a Nachisale. Mlingo ukatsika kupitirira kamzereko, nako kamauma.

Nachisale:
Ndabwera ndi zotsatira. Titachisiya tsiku lathunthu madzi anaima pa 8.6 pomwepo, sanakwere kuposa mmene timawapezera m'mawa. Kuya kudakali mamita 9, matope ndi ochepa. Tinakapa mpaka kutsala masentimita 10. Ola loyamba anakwera masentimita 6, lachiwiri 5, pa maola asanu ndi limodzi anali atakwera 22, ndipo pa maola 12 anali atatsala pang'ono kubwerera pakale. Ndapezanso pepala limene obowola mjigo anasiya. Analemba kuti kuyambira pa mamita 14 mpaka 26 anadutsa dongo, madzi anawapeza pa mamita 32 m'mwala wosweka, koma atamaliza madziwo anakwera n'kuima pa mamita 11. Apa ndasokonezeka. Madzi opezeka pa 32 akwera bwanji okha mpaka pa 11?

Tadala:
Imeneyo ndiye akwifa yovindikiridwa, mayi. Dongo la mamita 12 lija ndi chivindikiro. Madzi a pansi pake analowera kwina kumtunda kumene mwala woswekawo uli poyera, ndiye ali opanikizika ngati madzi a m'paipi yochokera m'thanki yapamwamba. Mukaboola chivindikirocho amakwera kufuna kufika pa msinkhu wa kumene akuchokera. Akakhala kuti msinkhuwo uli pamwamba pa nthaka amatuluka okha popanda pampu. Zitsime zotero zinatenga dzina lake ku Artois, ku France, kumene amonke anabowola chitsime chotere mu 1126. Ndiye mjigowo sungakhudze chitsime chanu m'pang'ono pomwe, ndi madzi awiri osiyana.

Mbewe:
Kufotokoza kwa kukwera kwa madziko kuli bwino. Mawu omalizawo ndiwo wafulumira nawo, ndibwererako.

Tiyambe ndi chitsime. Zimene mwayezazi zatichotsera zinthu ziwiri. Si matope, chifukwa kuya sikunasinthe. Sikuti mukutunga mopitirira muyeso, chifukwa mutachipumitsa tsiku lonse madzi sanakwere kuposa 8.6. Chikanakhala chotopa ndi kutunga, bwenzi atakwera kufika mwina pa 8 kapena kuposa. Choncho 8.6 ndiwo mlingo weniweni wa nyengo ino, ndipo chitsime chanu changoulowa masentimita 40.

Tsono onani ola loyamba. Masentimita 6 ndi malita pafupifupi 47. Madzi amenewa analowa pamene kusiyana kwa mlingo wa kunja ndi wa m'kati kunali masentimita 30 okha. Kwa ine imeneyi ndi nkhani yabwino, dothilo likupereka. Madzi amalowa m'chitsime chifukwa m'kati mwatsika kuposa kunja, ndipo kusiyanako kukakula, kulowa kumakulanso. Mukaonjezera mamita awiri, madzi oima m'chitsime adzakhala mamita 2.4, ndiye malita pafupifupi 1,900 okudikirirani m'mawa, pomwe lero ndi 300 ndi pang'ono. Ndipo mudzatha kutsitsa madzi mamita awiri m'malo mwa masentimita 30. Dothi likakhala lomwelo, kulowa kukhoza kufika malita mazana awiri kapena atatu pa ola. Ndikuti likakhala lomwelo, chifukwa pepala lija likuti dongo likuyamba pa 14 pamalo a mjigo, ndipo pa chitsime chanu likhoza kuyamba msanga. N'chifukwa chake kabowo koyesera kaja n'kofunika musanaitane wokumba.

Ndikanakhala wosankha, ndikanafuna mamita atatu a madzi kumapeto kwa chilimwe, chifukwa chaka cha mvula yochepa mlingo sumabwerera pa 5.5. Ukayambira pa 7, chilimwe chotsatira udzatsika kupitirira pamene wafika chaka chino.

Jere:
Nanga simukuopa kuti ndi olenjekeka? Chitsime chili pa 8.6, mjigo pa 11. Asiyanatu.

Mbewe:
Asiyana mamita 2.4, koma sitikudziwa ngati pakamwa pa chitsime ndi pa mjigo pali pa msinkhu umodzi. Mjigo ukakhala kumtunda ndi mamita awiri, kusiyanako kwatha. Komanso 11 uja anayezedwa tsiku lobowola, sitikudziwa inali nyengo yanji. Kuyeza msinkhu wa nthaka sikovuta, paipi yoonekera m'kati yodzaza madzi, ngati imene amisiri omanga amagwiritsa ntchito, mumayenda nayo chigawo ndi chigawo mpaka mamita 200 atakwana. Koma ngakhale kusiyanako kukhale kwenikweni, chitsime cha pa 4 chimene munanena chija chinali ndi dothi louma pansi pa dongo. Apa madzi a pansi pa dongo ndi opanikizika mpaka pa 11, kusonyeza kuti kuyambira pamenepo kutsika m'munsi monse ndi modzaza. Madzi a chitsimechi alibe malo ouma akulu othawirako.

Kamwendo:
Poti mwagwirizana zokumba, mverani izi mayi, chifukwa apa m'pamene anthu amafera. Chitsime chomangidwa ndi njerwa mpaka pansi simukumba kunsi kwa njerwazo. Mukachotsa dothi limene zakhalapo, khoma lonse limatsika kapena kugumukira wokumba. Mumatsitsa maring'i a konkire ocheperapo, olowa m'kati mwa njerwa, pa chitsime cha mita imodzi ndiye a masentimita pafupifupi 90 kunja kwake. Wokumba amafukula m'kati mwa ring'i, iyo n'kumatsika yokha ndi kulemera kwake, ina n'kusanjikidwa pamwamba. Amangiriridwe pamodzi kuti asasiyane, ndipo yapamwamba itsale m'kati mwa njerwa theka la mita kapena kuposa. Afukule mofanana kuzungulira, apo ayi ring'i imapendama n'kukakamira. Zapansizo zikhale ndi timabowo kapena zoumbidwa ndi konkire wopanda mchenga wambiri kuti madzi azilowa, ndipo pomaliza muyale miyala ing'onoing'ono yotsuka masentimita 20 kapena 30 pansi kuti mchenga usamabwatamuke.

China, injini ya petulo isalowe m'chitsime kapena kuikidwa pakamwa pake. Utsi wake umapha munthu asanazindikire kuti wayamba kufooka. M'mawa uliwonse asanatsike, tsitsani kandulo yoyaka, ikazima munthu asalowe mpaka mutapemerera mpweya. Kandulo imangoonetsa kuchepa kwa mpweya wabwino, utsi wa injini siiuona. Wokumba akhale womangidwa chingwe m'chiuno ndipo pamwamba pasachoke anthu awiri.

Nangozo:
Dziwaninso kuti maring'i ocheperawo achepetsa malita amene a Mbewe awerenga. M'kati mwake mukakhala masentimita 75, mita imodzi imasunga malita pafupifupi 440, osati 785.

Mbewe:
Mwandigwira bwino, mayi Nangozo, ndinawerengera ngati m'mimba simusintha. Ndiye mamita awiri oonjezerawo apereka malita pafupifupi 880, kuphatikiza a pamwamba aja tikufika cha pa 1,100 kapena 1,200. Chimenecho n'chifukwa chinanso chofunira mamita atatu ngati dothi lilola.

Tsopano za mjigo, Tadala. Ukunena ngati dongo ndi chitsulo. Dongo limadutsitsa madzi, pang'onopang'ono kwambiri, koma pa dera lalikulu pang'onopang'onoyo amachuluka. Komanso pepala lija likutiuza za malo amodzi okha, sitikudziwa ngati dongolo ndi lofalikira mpaka pansi pa chitsime kapena limathera panjira. Ndipo pali njira ina imene anthu amaiwala, mjigo weniweniwo. Pakati pa paipi ndi khoma la bowo pamakhala mpata. Obowola abwino amatseka mpatawo ndi simenti kapena dongo lofufuma, kumtunda ndiponso moyang'anizana ndi chivindikiro. Akangothira miyala kuchokera pansi mpaka pamwamba, apanga njira yoti madzi apamwamba azitsikira pansi usana ndi usiku, pamodzi ndi zonyansa zake.

Madzi ovindikiridwa alinso ndi khalidwe lina. Mukapopa, timipata sitikhuthuka monga zimachitikira pa chitsime chosaya, timakhalabe todzaza. Chimene chimatsika ndi kupanikizika kokha, ndipo madzi otuluka amachokera pa kufinyika pang'ono kwa mwala ndi kufutukuka pang'ono kwa madziwo. Pa mita iliyonse imene msinkhu watsika, gawo lovindikiridwa limapereka madzi ochepa kambirimbiri, mwina kuchepera ka 100 kapena ka 1,000, poyerekeza ndi mchenga wosavindikira. Ndiye kuti lipereke madzi okwanira, kutsikako kumafalikira kutali ndiponso msanga. Mijigo iwiri ya m'gawo limodzi lovindikiridwa ikhoza kumvana pa mtunda wa mamita mazanamazana.

Nachisale:
Ndiye mukuti mjigo ukutibera kapena ayi? Komanso n'chifukwa chiyani iwo suphwa?

Mbewe:
Suphwa chifukwa uli ndi potsikira pambiri. Msinkhu wake nawo umatsika chilimwe, koma pampu ikakhala pa mamita 27 kapena 30 ndipo madzi aima pa 11, atsike mamita atatu palibe angazindikire. Chitsime chanu chinali ndi mamita atatu ndi theka okha, atatsika 3.1 nkhani yatha.

Za kuba, ngati ndi mjigo wopopa pamanja, ndikukayika kwambiri. Pampu yapamanja imatulutsa malita pafupifupi 1,000 pa ola, ndipo usiku imapuma. Pa mtunda wa mamita 200, ndi dongo pakati, zimenezo sizingatsitse mlingo mamita atatu. Kutsika kwanuko nyengo yokha ikukwanira kukufotokoza.

Kamwendo:
Wapamanja ndivomera. Koma ikangoikidwa pampu yasola yodzaza mathanki tsiku lonse, zitsime zozungulira zimagwa, dongo likhalepo kapena ayi. Zimenezo okumba amazidziwa.

Tadala:
Koma bambo Kamwendo, mapampu asola amapopa kwambiri chilimwe pamene dzuwa lili lambiri, nthawi yomweyo imene zitsime zimatsika zokha. Tingadziwe bwanji kuti ndi pampu osati nyengo? Ine ndikuonabe kuti dongo la mamita 12 ndi lochindikala kwambiri.

Mbewe:
Nonse mukhoza kukhala olondola, malinga ndi malo. Kuyeza ndiko kungatithandize, ngakhale kuti nako kuli ndi malire. Chitsime chisatungidwe masiku awiri kapena atatu, muziyeza m'bandakucha ndi madzulo. Ngati madzulo aliwonse madzi atsika masentimita angapo n'kubwerera usiku, pali chimene chikukoka masana. Vuto n'lakuti mitengo ikuluikulu monga bulugamu imachita chimodzimodzi mizu yake ikafika pa madzi, imamwa masana n'kupuma usiku. Kuti musiyanitse, mjigo uimitsidwe tsiku limodzi kapena awiri. Kusinthasintha kuja kukapitirira mjigo uli chiimire, ndi mitengo. Koma ngati madzi akudontha kudzera m'dongo, chizindikiro chake sichioneka pa tsiku limodzi, chimatenga miyezi kapena zaka, ndipo chingwe chanu sichingachigwire m'masiku atatu. Pamenepo chothandiza ndi kope lolembamo msinkhu wa madzi kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa musanatunge, chaka ndi chaka.

Jere:
Kuimitsa mjigo masiku awiri chilimwe chili pachimake, anthu akamwa kuti? Zimenezo zimatheka papepala.

Mbewe:
Ndi zoona, n'zovuta. Mwina mpata umapezeka tsiku limene amakaniki azula mapaipi kuti akonze. Tsiku lomwelo ayezenso msinkhu wa madzi mumjigomo, tidziwe ngati 11 uja adakalipo.

Nachisale:
Mjigowo ndi wapamanja, ndipo pafupi ndi chitsime pali mitengo iwiri ikuluikulu, ndiye ndiyeza m'mawa ndi madzulo monga mwanenera. Kabowo koyesera tiboola mawa. Bambo Kamwendo, tiboole kuya bwanji, ndipo tikapeza chiyani ndiye tileke?

Kamwendo:
Boolani mamita atatu ngati chilola, pakati penipeni pa chitsime, kutali ndi njerwa. Pa theka la mita lililonse tulutsani dothi, muliyale pa thabwa motsatana kuti muone pamene lasinthira. Mulifinye m'manja. Likamakhakhala ndi kudontha madzi, pitirirani. Likamatheka kupota ngati chingwe osaduka ndiye dongo, lembani pamene layambira, maring'i akathere pamwamba pake. Chitsulo chikayamba kulira ndi kudumpha pasanathe mita imodzi, mwafika pa thanthwe, ndipo pamenepo mubwerenso pagulu pano musanaumbe ring'i ngakhale imodzi.